CIF BEIRA si kunena kuti zonse zalipiridwa

"Azakhali anga aoda nsapato ku China ndipo andipatsa mapepala kuti ndiwamasulire m'Chichewa. Palembedwa CIF BEIRA, 40 CTNS, 960 PRS, N.W. 480 KGS, G.W. 540 KGS, 4.8 CBM, komanso C/O. Mnzanga akuti CIF ndiye kuti zonse zalipiridwa. Ndiwauze choncho?"

Ayi achemwali, musawauze zimenezo. Mawu omwewo akuti "zonse zalipiridwa" ndi amene anasautsa malume anga, ndipo mpaka lero ndikawamva mtima umandiwawa.

Malumewo anali ndi chigayo kumudzi. Injini itatopa, anasonkhanitsa ndalama za fodya ndi za mbuzi n'kuoda ina kunja kudzera mwa munthu wina wa m'tauni. Mapepala atabwera anapita nawo kwa mnyamata wina wophunzira bwino, wodziwa Chingerezi kuposa ine, kuti awawerengere. Mnyamatayo anaona zilembo zitatu zija, anakumbukira kuti muli mtengo, inshuwalansi ndi mayendedwe, n'kunena kuti, "Bambo, khalani phee, katundu wanu akupezani pakhomo." Dzina la doko limene linali pambali pa zilembozo sanaliwerengere n'komwe. Malume anakhaladi phee. Anamanga kashedi katsopano, anauza amayi a m'mudzi kuti za kuyenda mtunda ndi matumba pamutu zatha. Koma injini inali itatsitsidwa ku Beira, ikudikira mwini wake, ndipo ndalama yosungira katundu padoko inkakwera tsiku ndi tsiku. Uthenga utawapeza, anafunika kupeza ya thiraki, ya ejenti, ya msonkho, kuphatikiza ya masiku onse amene injiniyo inagona kumeneko. Anagulitsa ng'ombe imene sankafuna kuigulitsa. Wogulitsa injini sanabe kanthu, anachita ndendende zimene pepala linanena. Amene analakwa ndi womasulira, ndipo iye sanataye ngakhale tambala.

N'chifukwa chake ine ndimaumirira kuti chidule sichimasuliridwa. Umayamba wachilemba chonse m'chinenero chimene chinalembedwa, liwu ndi liwu, pamodzi ndi zimene zili pambali pake, kenako n'kumasulira chiganizo chathunthucho. CIF ndi Cost, Insurance and Freight, ndipo nthawi zonse pamatsatira dzina la doko. Ndiye CIF BEIRA m'Chichewa ndi chiganizo chachitali ndithu: wogulitsa walipira mtengo wa sitima ndi inshuwalansi mpaka padoko la Beira. Basi, mpaka pamenepo. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere, choncho ulendo wa pamsewu kuchoka ku Beira kudutsa ku Tete mpaka pachipata cha Mwanza kapena Dedza ndi wa azakhali anu. Msonkho wa ku MRA ndi wawonso. Ndipo pali china chimene ambiri sachidziwa: pa CIF, katundu akangokwezedwa m'sitima ku China komweko, chilichonse chomugwera panjira chili pamutu pa wogula. Makatoni akanyowa panyanja, azakhali sangabweze mlandu kwa wogulitsa, ayenera kukadandaula kwa a inshuwalansi, ndipo inshuwalansi imene CIF imakakamiza wogulitsa kugula ndi yotsikitsitsa. Afunse pepala lake aliwerenge.

Zilembo zimenezi si zongopeka ogulitsa. Ndi malamulo otchedwa Incoterms, amene bungwe la International Chamber of Commerce linayamba kutulutsa mu 1936, ndipo a 2020 alipo 11. Mwa onsewo, amene amayandikira "zonse zalipiridwa" ndi DDP, pamene wogulitsa amafikitsa katundu pamalo otchulidwa atalipira ndi msonkho womwe. DAP amafikitsanso, koma msonkho ndi wanu. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chapakati, ndipo pa pepala lojambulidwa ndi foni usiku, A ndi D sizivuta kusokoneza. Mudzaonanso ena akulembabe DDU, ngakhale inachotsedwa mu 2010. Ikapezeka, musaisinthe mwakachetechete kukhala DAP ayi. Ilembeni mmene ilili, mufotokoze kuti msonkho sunalipiridwe.

Pano ndinene zimene zimandikwiyitsa. Anthu ophunzira timachita manyazi kunena kuti "ichi ndikafunse kaye". Munthu wamkulu akatipatsa pepala timafuna tiyankhe pompo, kuti aone kuti sukulu sinapite pachabe. Safunsa anadya phula, koma pa nkhani ya mapepala a katundu amene amadya phulayo ndi mwini katundu, wosafunsa uja ali kwawo akugona tulo. Ndipo ogulitsa ndi maejenti ena amakonda zilembozi chifukwa zimatseka pakamwa mayi wa pamsika. Ine ndimaona kuti ejenti amene sangathe kukufotokozerani chidule chilichonse cha pa pepala lanu m'Chichewa chomveka sayenera kulandira ndalama yanu.

Ngakhale mayina a mayiko ali ndi msampha womwewu. Malawi ndi MW, pamene ML ndi Mali ndipo MY ndi Malaysia. China ndi CN, koma CH ndi Switzerland. ZA ndi South Africa, Zambia ndi ZM. Wongoganizira akhoza kulemba dziko lolakwika m'bokosi la kumene katundu anapangidwa, ndipo bokosi limenelo limakhudza msonkho. Komanso CN22 ndi CN23, timapepala tomata pa maphukusi a ku positi ofesi, sitikukhudzana ndi China, ndi mafomu a kasitomu a bungwe la mapositi a dziko lonse.

Manambala a pa pepala lanu

Apa masamu amakuthandizani kutsimikiza kuti mwatambasula bwino. CTNS ndi makatoni, PRS ndi mapeya. Gawani 960 ndi 40, mupeza mapeya 24 m'katoni iliyonse, zomwe n'zomveka. Yang'anitsitsani kuti ndi PRS osati PCS, chifukwa PCS ndi chimodzichimodzi, ndipo nsapato 960 zowerengedwa choncho zikhoza kukhala mapeya 480 okha. N.W. ndi kulemera kwa nsapato zokha, G.W. ndi kulemera pamodzi ndi makatoni. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 60, kutanthauza kilogalamu imodzi ndi theka pa katoni, ndipo peya iliyonse ikulemera theka la kilogalamu. Zikugwirizana. Mukadzaona N.W. yaposa G.W., dziwani kuti wina wasinthanitsa mabokosi, ndipo zikonzedwe katundu asanafike pachipata. CBM ndi malo amene katundu akutenga, m'makiyubiki mita. Gawani 4.8 ndi 40, mupeza 0.12, yomwe ikhoza kukhala katoni ya masentimita 60 ndi 50 ndi 40. Nambala imeneyi ndi yofunika chifukwa katundu wopepuka wogawana kontena ndi anthu ena amalipiritsidwa kwambiri potengera malo.

C/O ndiye sindingakuuzeni osaona pamene yaima. Ikakhala mu adiresi, patsogolo pa dzina la munthu kapena kampani, ndi care of, kutanthauza kuti katundu adzera m'manja mwa ameneyo, ndipo azakhali ayenera kumudziwa. Ikakhala pa mndandanda wa mapepala otumizidwa, ndi certificate of origin, chikalata chosonyeza dziko limene nsapatozo zinapangidwa.

Polemba, zilembo zoyambirira zisiyeni mmene zilili ndipo Chichewa chibwere pambali pake, kuti azakhali akakhala pamaso pa ejenti athe kuloza ndi chala. Chimene simunachitsimikize musachimasulire, lemberani wogulitsayo achilembe chonse yekha. Ndipo lero lomwe, sitima isanafike, azakhali afunse ejenti mtengo wochotsera makatoni 40 amenewo ku Beira kufika nawo kuno, pamodzi ndi msonkho wake.