Kuchionetsero cha ntchito mukatengeko dzina ndi mwezi

"Akuluakulu, ndili ndi satifiketi ya zamagetsi. Ndapita kuzionetsero za ntchito katatu kuno ku Salima, koma ndimangobwerako ndi timapepala tokhatokha. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, munthu amene wakhala patebulo uja nthawi zambiri si amene amalemba anthu ntchito. Wangotumidwa kudzaimira kampani. Mukamufunsa kuti "ntchito ilipo?" ayankha kuti "siyani sivi, tidzakuimbirani", nkhani yathera pomwepo. Funsolo ndi limene likukupwetekani.

Sankhani matebulo atatu basi, amene ali ndi mashini ofuna wazamagetsi. Tiyerekeze mwafika pa tebulo la fakitale ya shuga, ngati Salima Sugar kapena Illovo ya ku Dwangwa. Fakitale ya shuga imagaya nzimbe m'chilimwe, kuyambira cha mu Epulo kapena Meyi mpaka mvula ikamayandikira. M'dzinja imaima, ndipo ndi pamene amamasula mashini, kukonza mamota ndi mawaya. Ndiye inu funsani motere: "Fakitale ikaima, ntchito yokonza zamagetsi mumagwira nokha kapena mumapatsa makontilakitala? Mayina amayamba kutenga mwezi uti? Kalata ndilembere ofesi iti?" Akangomva choncho amadziwa kuti ntchitoyo mumaidziwa, ndipo ena amayamba kukuuzani zimene sizili pakapepala.

Mawu akuti kontilakitala muwagwiritse. Anyamata ambiri amalowera pamenepo, miyezi itatu ya ganyu, folomani n'kuona manja awo, nyengo yotsatira n'kuwaitananso. Zimandipweteka kuona ana athu akunyoza khomo limeneli chifukwa akufuna ntchito yokhazikika tsiku loyamba.

Musanachoke, funsani dzina la amene mwalankhula nayeyo ndi udindo wake, mulembe kuseri kwa kapepala komweko pamodzi ndi mwezi umene watchula. Akakupatsani nambala, pasanathe masiku awiri tumizani uthenga waufupi pa WhatsApp: dzina lanu, kumene munakumana, zimene munakambirana, ndi sivi ya tsamba limodzi. Mukadikira sabata ziwiri adzakhala atakuiwalani, poti tsiku lija anaona nkhope zambirimbiri. Kenako khalani chete, musamuvutitse ndi ma "bho bwana" a m'mawa uliwonse. Mwezi uja ukayandikira, pitani nokha ndi kalata yotchula kuti munakumana ndi uje kuchionetsero, makope a satifiketi ndi a chiphaso cha unzika. Satifiketi yeniyeniyo musasiyire munthu.

Tebulo lopanda kanthu limadziwika msanga: satchula mwezi, satchula ofesi, amangoti muzionera m'nyuzi. Thokozani, pitani kwina. Ena ndi masukulu ofuna ophunzira olipira fizi, osati olemba ntchito. Ndipo wina akadzakuimbirani kuti mutumize ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe pa intavyu, ameneyo ndi wakuba, nambala yanu wangoitola pamndandanda umene munalemba pakhomo.

Satifiketi yanuyo ndi ya giredi yanji, ndipo atachimenti munapangira kuti? Zimenezo zikhale pamwamba penipeni pa sivi, chifukwa folomani amayambira pomwepo kuwerenga.