Kodi Napoleon anachita kudyetsedwa poizoni?

"Aphunzitsi athu ankati Angerezi anamupha Napoleon ndi poizoni. Tsopano ndawerenga kuti inali khansa. Zoona ndi ziti?"

Zikomo polemba. Tiyambe ndi zimene anaona anthu amene anagwira mtembo. Napoleon, yemwe kale anali mfumu yaikulu ya France, anamwalira pa 5 Meyi 1821 pachilumba cha St Helena, kumene Angerezi ankamusunga ngati mkaidi, ali ndi zaka 51. M'mawa mwake dokotala wake, Francesco Antommarchi, anaung'amba mtembowo madokotala achingerezi akuona. M'chifu anapezamo chilonda chachikulu, ndipo penapake chinali chitaboola moti chala chaching'ono chikanalowa, kungoti chiwindi chinamatirira n'kutseka bowolo. Munalinso zinthu zakuda ngati masese a khofi, chizindikiro choti magazi ankatayikira m'kati. Afalansa ndi Angerezi pachilumbapo sankamwerana madzi, koma pa nkhani ya chifu malipoti awo akugwirizana. N'chifukwa chake ine ndimawakhulupirira.

Nanga za poizoni zinachokera kuti? Mbewu anafesa ndi mwiniwake. Mu wilo yake ya Epulo 1821 analemba kuti akufa nthawi isanakwane, pophedwa ndi olamulira a ku England. Awa ndi mawu a mkaidi wokwiya, osati a dokotala. Kenako mu 1840, pomufukula kuti apite naye ku Paris, thupi linali lisanawonongeke kwenikweni, ena n'kudzati ndi ntchito ya aseniki, poizoni amene amati amachedwetsa mtembo kuwola. Amaiwala kuti munthuyu anaikidwa m'mabokosi angapo otsekedwa ndithu, ena achitsulo.

Mphekesera inakula mu 1961, patapita zaka 140 chimwalirireni, pamene dokotala wa mano wa ku Sweden, Sten Forshufvud, anapimitsa tsitsi la Napoleon n'kupezamo aseniki wambiri. Asenikiyo analimodi, sananame. Vuto lili pa funso limene silinafunsidwe: kodi anthu ena a nthawi imeneyo anali naye wochuluka bwanji? Mu 2008 akatswiri a ku Italy anapima tsitsi la Napoleon ali mwana ku Corsica, la nthawi ya imfa yake, la mkazi wake Josephine ndi la mwana wake. Lonselo linali ndi aseniki wochuluka pafupifupi maulendo 100 kuposa wa anthu a lero. Masiku amenewo aseniki ankapezeka mu utoto, m'mankhwala ndi m'zinthu zina zambiri za m'nyumba. Ndiye ngati tsitsi lili umboni, ndiye kuti anayamba kumudyetsa akadali kamnyamata, ndi banja lonse lomwe!

Malire a umboni wolembedwawo nawa: palibe anaika kachidutswa ka chilondacho pa maikulosikopu, choncho mawu oti khansa akuchokera pa mmene madokotala anachifotokozera. Komanso pa 3 Meyi anamumwetsa kalomelo wambiri, mankhwala otsegula m'mimba okhala ndi mekyule, ndipo n'kutheka kuti anafulumizitsa imfa ya munthu amene anali atafooka kale. Ngati mukufuna womuloza chala, madokotala akewo ali pafupi kuposa wakupha wobisala.