Chidule cha pulopozo chiyambe ndi phindu la wogula

"Ndimaweta nkhuku za mazira ndipo ndalemba pulopozo ya masamba 12 yoti ndizipereka mazira ku hotelo ina ya kunyanja. Akuti manejala amangowerenga chidule cha patsamba loyamba. Ndichikonze bwanji kuti aone phindu pa mphindi imodzi? Ndakutumizirani zonse."

Mayi, ndawerenga mpaka kumapeto, ndipo chimene chandipweteka n'chakuti nkhani yeniyeni mwaikwirira pa tsamba 7. Pamenepo ndi pamene mwanena kuti thireyi iliyonse ya mazira 30 mudzawapatsa motsika ndi K800 poyerekeza ndi mtengo umene akugulira panopa, ndiponso kuti amagula mathireyi 40 pa sabata. Pamene chidule chanu chayamba ndi chaka chimene munayamba ulimi, kenako masomphenya anu, kenako kuthokoza. Manejala amene foni ikulira, wophika akumudikira pakhomo, asiya pepalalo asanaone K800 ija.

Masamuwo muwerengereni nokha, musamusiyire. K800 kuchulukitsa ndi 40 ndi K32,000 pa sabata, ndipo pa masabata 52 ikukwana K1,664,000. Ndiye chiganizo choyamba chikhale chonga ichi: "Hotelo yanu ingapulumutse K1,664,000 pa chaka pogula mazira kwa ife, ndipo tidzawabweretsa mpaka kukhitchini Lolemba ndi Lachinayi lililonse." Taonani kuti chayamba ndi hotelo yawo, osati khola lanu.

Akaona ndalamayo, mumtima mwake mubwera funso limodzi lokha: kodi mayiwa akwanitsa? Mathireyi 40 ndi mazira 1,200 pa sabata. Pa tsamba 9 mwalemba kuti mumatola mazira pafupifupi 300 pa tsiku, omwe ndi 2,100 pa sabata. Kwezani zimenezi zibwere m'ndime yachiwiri. Mawu oti "ndife odalirika" afufuteni, aliyense amalemba choncho. Koma musakokomeze. Ngati nyengo yotentha nkhuku zimachepetsa kuikira, lembani nambala ya miyezi yovutayo, chifukwa akadzasowa mazira pa Khirisimasi hotelo itadzaza alendo, sadzakuyankhaninso foni.

Chidule chanu chatha ndi "tikuyembekezera kumva kuchokera kwa inu". Pamenepo palibe chimene mwamupempha kuti achite. Lembani kuti akuloleni kuyesa kwa mwezi umodzi ndi mathireyi 10 pa sabata, mutchule tsiku loyambira ndi kalipiridwe kake. Kuvomera zoyesa n'kosavuta kusiyana ndi kusaina mgwirizano wa chaka chathunthu.

Mukamaliza, chisapitirire mawu 150. Patsani munthu wosadziwa za nkhuku zanu, mutchere wotchi ya pafoni, ikakwana mphindi mumulande pepalalo. Mufunseni kuti hotelo ipindula zingati, ndipo mukupempha chiyani. Akayamba kukanda m'mutu kapena kukufotokozerani mbiri ya famu, bwererani ku chiganizo choyamba chija.