"Nanga bwanji?" pambali pa yankho la ndakatulo

Funso: "Aphunzitsi muli m'gulu lino, ndithandizeni. Ndili Giredi 12 kuno ku Matero. Ndikalemba kuti mlakatuli wagwiritsa ntchito zithunzithunzi, aphunzitsi anga amangolemba pambali kuti 'nanga bwanji?' n'kundipatsa malikisi ochepa. Ndikulakwa pati?"

Mwanangu, sunaname ayi, koma chiganizo chakocho chilibe mwini. Uchichotse pa ndakatulo ya chilala, ukachiike pa ya ukwati kapena ya maliro, chikwanabe. Chiganizo chokwana paliponse sichisonyeza kuti unawerenga ndakatulo imene ili patsogolo pako.

Tiyese ndi mizere iwiri imene ndangopeka pano:

Dzuwa la Okutobala lanyambita chitsime,
latisiyira mbale yong'aluka.

Usathamangire kutchula dzina la luso. Yamba wafunafuna liwu limene lakhala pamalo posayembekezeka. Apa ndi "lanyambita". Dzuwa limawala, limatentha, limaumitsa, koma lilime lilibe. Ndiye dzifunse kuti chimene chimanyambita n'chiyani. Ndi galu wanjala amene wapeza mbale ya nsima, ndipo akachokapo sipatsala ngakhale kambenu. Mzere wachiwiri ukuvomereza ganizoli, chifukwa chitsime chija chasanduka mbale, ndipo kung'aluka kwake ndi ming'alu ya matope ouma pansi pa chitsime.

Tsopano ulembe motere: "Ponena kuti dzuwa 'lanyambita' chitsime, mlakatuli akuliyerekeza ndi chinyama chanjala chimene sichisiya kanthu, ndipo potcha chitsimecho 'mbale yong'aluka' akusonyeza kuti kuuma kwa madzi ndi njala ya pakhomo ndi vuto limodzi." Waona kuti liwu loti zithunzithunzi silinalowemo n'komwe? Ukafuna kulitchula litchule, koma malikisi ali pa mawu amene watola mu ndakatulo ndi ntchito imene wasonyeza kuti akugwira.

Pali msampha umene ana anga ambiri amagwamo akauzidwa zimenezi. Amawonjezera kuti "izi zikuthandiza owerenga kuona chithunzi m'maganizo mwawo", n'kumayesa kuti afotokoza. Ndi chiganizo chopanda mwini chomwe chija, changovala malaya ena. Chithunzi cha chiyani? Tchula galuyo, tchula mbaleyo.

Ena amalumpha mpanda, amvekere mlakatuli akudzudzula boma chifukwa chosakumba zitsime. Mwina m'ndime ina muli zimenezo, koma m'mizere iwiriyi boma mulibe. Ine ndimawauza kuti aike chala pa liwu limene likunena zimenezo. Chala chikasowa pogwira, chiganizocho chifufutidwe.

Ndipo usakopere ndime yonse ngati umboni, nthawi ya mayeso ndi yochepa. Liwu limodzi kapena awiri akwana. Ngakhale kachidutswa ka liwu kamagwira ntchito: "-ti-" wa mu "latisiyira" akutiuza kuti wolankhulayo sakuonerera patali, ali m'gulu la anthu otunga pa chitsimecho. Tenga ndakatulo imene munaphunzira sabata ino, ulembe chiganizo chimodzi chotere, uchiike pansi apa tichione.