Za mwana wobweza mkaka uja

"Achemwali, mwanayu akangoyamwa akumasanza, daile, pano wakwana miyezi 3. Pali mankhwala oti ndingagule ku famase? Ena akuti ndi chilungulira cha ana."

Eee msuweni, ndamva, pepa ndinali pa ntchito foni inali m'chikwama. "Ena" akewo ndi ndani? Iwe usandibisire, ineyo ndinakusambitsapo uli kamwana, ndikudziwa kuti ukati ena ukunena apongozi ako. Ndipo za famasezo wangoikapo kuti funso lioneke bwino pa gulupu pano, chimene chikukudya ndi choti akuuza kuti mkaka wako wawonongeka, kapena ayamba kale kuwayang'ana bambo a mwana ndi diso la tsempho. Ndanama? Ukuseka ukoko, ndikudziwa.

Dikira kaye nditseke chitseko, anawa akusokosa... eya.

Ukukumbukira za amalume a ku Makawa ndi mwana wawo woyamba uja? Ayi sungakumbukire, unali ku sekondale. Mwana anabadwa bwinobwino, wamwamuna, amalume kusangalala mpaka kugawa usipa ulele pa doko, anthu odabwa poti amalume aja ndi ndalama timawadziwa tonse. Masabata awiri oyamba zonse zili bwino. Atakwana masabata 3, ayi 4, eya 4 chifukwa chikuta anali atatuluka kalekale, mwana anayamba kusanza. Koma kusanza kwake sikunali kotsikira pachibwano kuja ayi, kumachita kuthamanga, azakhali ali pamkeka masanzi kukagwera pa ndowa ili apo, ngati watsegula mpopi. Akangomaliza kusanza akufunanso bere nthawi yomweyo, kuyamwa mwanjala, pakapita mphindi zochepa fwaa zonse zatuluka. Tsiku lililonse zikungoonjezekera.

Ndiye amalume anati ana onse amatero, anganga nawo anati ngakhale amalumewo ali khanda ankatero, zomwe mwina zinali zoona, koma anganga ankanena za chinthu china. Patapita masiku nkhani inatembenuka, akuti ndi liwombo poti pamutu panali patalowa, anapita kukatenga mankhwala omata aja. Pamene liwombo linalowa chifukwa madzi anatha m'thupi mwa mwana, sikuti liwombolo ndi limene linkamudwalitsa. Kenako nkhani inafika kwa azakhali, akuti mkaka wawo, ndipo anthu ena anayamba kunong'ona za tsempho, amalume kulumbira pamaso pa anganga kuti sanayende kulikonse. Sabata yonse inathera m'milandu mwana akuuma.

Chimene chinawatembenuza amalume ukudziwa? Sikelo yawo ya nsomba. Ine ndinapita kumeneko Loweruka, ndinafunsa kabuku ka kusikelo, ndinaona anabadwa ndi 3.2. Ndinati amalume bweretsani sikelo yanu yopachika ija. Tinamukulunga m'chitenje, kupachika, muvi unaima pa 3 ndendende, mwana wa masabata 5. Amalume anaigwedeza sikelo ija, kuimenya m'mbali, kupachikanso, 3 yemweyo. Munthu amene sanalolepo kuti sikelo yake imanama ngakhale makasitomala atalira bwanji, tsiku limenelo anakhala pansi phee. Ndinawafunsa azakhali matewera anyowa angati chiyambire m'mawa, anati limodzi. Basi amalume sanadikirenso minibasi yodzadza, anachita hayala galimoto mpaka pa boma, ndipo kuchipatala anangowatumiza ku Blantyre ku Kwinzi. Anamujambula pamimba anapeza kuti khomo lotulukira chakudya m'chifu kupita kumatumbo, mnofu wake unakhuthala mpaka kutseka njira, madokotala amati pailoriki sitenosisi. Zimayamba mwana ali pakati pa masabata 2 ndi 8, ndipo zimakonda ana aamuna, makamaka oyamba kubadwa. Anayamba amuika diripu kaye kuti madzi ndi mchere wam'thupi zibwerere m'malo, kenako opaleshoni yaing'ono yong'amba mnofu uja, masiku ochepa mwana akuyamwa osasanza. Ndi yemwe uja anakunyamulira katundu pa njinga tsiku la chinkhoswe chako, kutalika kuposa bambo ake. Mpaka lero amalume akaona khanda amafunsa makilo asanafunse dzina.

Ndafika kutali eti... ndimafuna ndinene chani... eya, za mwana wako.

Chithunzi cha kabuku chimene unatumiza mwezi watha ndinachiona, anabadwa ndi 3.1 ndipo pa masabata 10 anali pa 5.2. Miyezi yoyambirira mwana amayenera kumaonjezera magalamu 150 mpaka 200 pa sabata, wako akupitirira pang'ono, ndipo masaya aja ndawaona pa vidiyo akuseka ndi bambo ake. Mwana amene mkaka wa mayi ake wawonongeka sanenepa chonchi msuweni. Mkaka wako ulibe vuto, ndipo zimene akuchitazo ife sitimati kusanza, akungobweza mkaka. Pamwamba pa chifu pali kamnofu kamene kamatseka kuti chakudya chisabwerere kukhosi, kwa makanda kamakhala kasanakhwime, kachifu nako ndi kakang'ono, chakudya chake ndi madzi okhaokha, ndiye tsiku lonse amakhala chogona. Akakhuta kwambiri kapena akameza mpweya, pogeya mkaka umatsatira. Pafupifupi theka la makanda amatero, zimafika pachimake cha m'ma miyezi 4, ndiye konzekera mwezi wamawa zichuluka usadzadabwe. Akayamba kukhala pansi ndi kudya phala zimachepa, pofika chaka ambiri amakhala asiya.

Zoti zikutuluka zoundana ngati chambiko, zonunkha mowawasa, ndi zimene zikuwaopsa apongozi akowo ndikudziwa. Mkaka uliwonse ukafika m'chifu umaundana ndi asidi, wa aliyense, ndi mmene umagayidwira. Ndipo umaoneka wambiri chifukwa wamwazika. Tenga supuni yaikulu imodzi ya mkaka uthire pachitenje iwo akuona, aone kukula kwa banga lake, supuni imodzi yokha.

Tsopano chilungulira chimene akunenacho chilipodi, rifulakisi yofika pokhala matenda, koma mwana wake sakhala ngati wako. Amakhala woti asidi akumuwotcha kummero, akayamba kuyamwa amasiya bere n'kulira, kudzipinda chagada msana kuuma, kukana bere pamene njala ali nayo, kutsokomola kosatha kapena kutsamwa pafupipafupi, ndipo kusikelo mzere uja umagona kapena kutsika. Ameneyo ndiye amafunika adokotala amuone, nthawi zina amapeza kuti ndi mkaka wam'chitini umene sukumuyanja. Mankhwala a asidi aja, ngati omepurazo amene amamwa akuluakulu a zilonda zam'mimba, saletsa mwana kubweza mkaka, amangochepetsa asidi, ndiye kwa mwana wosamva ululu ngati wako palibe chimene angathandize, ungomuika pa chiopsezo cha matenda am'mimba ndi pachifuwa. Usagule. Gilaipi wota usagule, ndipo phala lamadzimadzi limene akuuze kuti "likhazikitse m'mimba" ukane mwaulemu mpaka miyezi 6. Madzinso ayi, ngakhale kutenthe bwanji kwathu kuno, bere likukwana.

Zochita n'zochepa. Usamadikire mpaka alire ndi njala chifukwa pamenepo amayamwa mothamanga ndi kumeza mpweya, muyamwitse pafupipafupi. Akamaliza muike paphewa ageye, akhale choongoka mphindi 20 kapena 30, osangoti wayamwa pompo wamuponya kumsana ndi kumanga chitenje cholimba pamimba kuthamangira kumsika, ndimakudziwa iwe ndi changu chako. Bambo ake asamamuvinitse m'mwamba atangoyamwa. Pogona agone chagada nthawi zonse, ngakhale wina akuuze kuti atsamwa, mwana wabwinobwino amameza kapena kulavula yekha, kugoneka chafufumimba ndi kumene kuli koopsa. Pilo osamuikira.

Koma mvetsera apa, izi ndiye usadzatumize uthenga pa gulupu kudikira ine, ungonyamuka. Masanzi akakhala obiriwira ngati madzi a nkhwani, sindikunena achikasu pang'ono a mkaka ayi, obiriwira enieni, imeneyo ndi ndulu ndipo zimatha kutanthauza kuti matumbo atsekeka kapena apotana, ngakhale asanze kamodzi kokha, ngakhale 2 koloko usiku, pita. Magazi, kapena zakuda ngati masamba a tiyi, pita, nthawi zina amakhala magazi a nsonga ya bere lako ikang'ambika koma akanene zimenezo ndi achipatala. Kusanza kothamanga kwa mwana wa amalume kuja. Mimba kutupa n'kulimba. Kusanza chilichonse osasunga kanthu, kapena kulephera kuyamwa, kufooka osadzuka bwino, kukomoka, zimenezo ndi zoopsa nthawi ina iliyonse. Thupi likatentha, 38 pa kachipangizo koyezera kutentha kaja kapena wangomva kuti watentha, kunyanja kuno malungo sitiseweretsa, akamuyeze tsiku lomwelo, panado wa kunyumba asakuchedwetse. Liwombo uzilikhudza mwana ali phee, likalowa pamodzi ndi kuchepa kwa mkodzo ndiye kuti madzi akutha, makamaka ngati akutsegulanso m'mimba, likatukumuka ndi kulimba ndiye zoopsa zina za m'mutu, zonsezo ndi za kuchipatala osati zomata. Matewera onyowa azifika 6 pa tsiku, ukaona hafu ya tsiku yadutsa thewera lili louma usadikire mawa. China, mwana amene sankabweza n'komwe akadzayamba kusanza atapitirira miyezi 6, kapena wako akadzapitirira chaka akadali kutero, pamenepo akamuone.

Ndiye monga ndanena, wakoyo akuyamwa bwino, akuseka, akukodza, makilo akukwera, mkaka wako uli bwino ndipo bambo ake palibe chimene alakwa, asiyeni agone mtendere. Uziyang'ana mwanayo ndi kabuku kake, zovala zochapa zichuluka basi, sopo ndikutumizira ndi amalume akamabwera Lachisanu.

Tsiku la sikelo likafika uwatenge apongozi ako mupite limodzi, aone okha pamene muvi waima, alangizi a zaumoyo awafotokozere mzere uja ndi pakamwa pawo, kwa iwe sangamve koma kwa a yunifolomu amva. Mkaka wako sunawonongeke wamva? Ukabwerako unditumizire chithunzi cha tsamba la makilo lija, chooneka bwino, osati chamdima ngati chija unajambula ndi chala pa kamera.