Kumasulira mayina a pachithunzi cha m'buku popanda kusokoneza manambala

"Zikomo. Ndine mphunzitsi kuno ku Nkhotakota. Buku la sayansi tili nalo limodzi lokha, ndiye ndinajambula ndi foni tsamba 57, pomwe pali chithunzi cha nsomba ndi mayina a ziwalo zake. Ndinamasulira m'Chichewa n'kusindikiza, koma ana atafika pa mafunso a kumapeto kwa mutu anasokonezeka. Funso likuti aone `Figure 4.2`, pepala langa likuti Chithunzi 1, ndipo mayina ena anaphimba mizere yolozera. Ndikonze bwanji?"

Aphunzitsi, nambala ya chithunzi ili ngati nambala ya nyumba, munthu saimasulira. Mu 4.2, nambala 4 ikuimira mutu wachinayi, 2 ikuimira chithunzi chachiwiri cha mutuwo, ndipo mafunso, ndime za masamba ena ndi buku la mphunzitsi zonse zimalondolera mwana ku nyumba imeneyi. Chosintha ndi liwu lakutsogolo lokha. Mulembe Chithunzi 4.2, ndi kadontho kake pakati, monga zilili m'buku. Musalembe "chithunzi chachiwiri", ngakhale zikumveka bwino m'kamwa, chifukwa mutu uliwonse uli ndi chachiwiri chake.

Yambani ndi kujambulanso tsambalo ngati loyamba lija linatuluka lopendekeka. Ikani buku pa tebulo pakhonde, pamthunzi koma powala, tochi ya foni ili yozima, chifukwa pepala losalala limanyezimira ndipo kadontho ka 4.2 kamasowa m'kuwalako. Foni ikhale chogona pamwamba penipeni pa tsamba. Wina apanikize pakati pa buku, pomwe masamba amakumana, poti mawu a pamenepo ndi amene amapindika. Jambulani kawiri: tsamba lonse pamodzi ndi nambala yake, kenako chithunzi chokha chapafupi. Potumiza ku kompyuta kudzera pa WhatsApp sankhani `Document`, chifukwa njira ya masiku onse imafinya chithunzi ndipo tizilembo tating'ono timachita chimbuuzi.

Musanamasulire liwu ndi limodzi lomwe, tengani kope mulembe kaundula wa chilichonse cholozera chimene chili patsambalo. Ntchito yonse yagona apa, ndipo ndi pomwe ambiri amalumpha. Tiyerekeze kuti tsamba lanu lili chonchi: pansi pa nsomba palembedwa `Figure 4.2 External features of a fish (×½)`, ziwalo zisanu ndi chimodzi zili ndi mayina, chiwalo china chili ndi chilembo X chokha, m'ndime muli `see Fig. 4.2` kawiri ndi `Table 4.2` kamodzi, ndipo pansi pali mafunso 3(a), 3(b) ndi 3(c). Mu kaundula mulembe chilichonse pa mzere wake: Figure 4.2 katatu, Table 4.2 kamodzi, X kawiri poti ali pachithunzi komanso m'funso, mizere yolozera isanu ndi iwiri, mafunso atatu. Kukopera kukhale kochokera m'buku lenilenilo, ndi maso anu. Pulogalamu ya pafoni yowerenga zilembo za pachithunzi imathandiza pa ndime zazitali, koma pa zolozera imapunthwa kawirikawiri: 4.2 amasanduka 42, (ii) amasanduka (11), B amasanduka 8, S amasanduka 5, ndipo 1 amasokonezeka ndi l kapena I. Liwu likalakwika mumaliona msanga chifukwa silimveka, pamene nambala yolakwika imaoneka yabwinobwino.

Onani kuti pakaundulapo pali 4.2 awiri osiyana. Mabuku ambiri amawerenga zithunzi pazokha ndi matebulo pawokha, kotero Figure 4.2 ndi Table 4.2 amatha kukhala patsamba limodzi. Ife m'Chichewa timafulumira kutchula chojambulidwa chilichonse kuti chithunzi, ndipo mukatero mwana apeza Zithunzi 4.2 ziwiri. Sankhani kamodzi kokha: Figure akhale Chithunzi, Table akhale Tebulo, ndipo musasinthenso mpaka buku kutha. Pomwe buku lafupikitsa kuti `Fig.` inu lembani Chithunzi lonse, kuti mwana asaganize kuti ndi chinthu chachitatu. Mawu a pansi pa nsomba akhala: Chithunzi 4.2 Ziwalo za kunja kwa thupi la nsomba (×½).

Zilembo nazo zimasiyidwa momwe zilili. X ndi Q sitiwagwiritsa ntchito polemba Chichewa, ndipo ena amaganiza zowasintha kuti akhale A kapena B. Musatero, chifukwa funso la m'buku likunenabe za X. Komanso musalembe dzina la chiwalocho pambali pa X, ngakhale mukulidziwa. Wolemba anasiya dala kuti mwana atchule yekha.

Tsopano mayina enieniwo. Chimene chinaphimba mizere yanu ndi kutalika kwa Chichewa. `Dorsal fin` ndi malo 10 powerengera ndi mpata wapakati, pamene "chipsepse cha pamsana" ndi malo 21, kuposa kawiri. Buku linasiya kampata kokwana Chingerezi chokha, ndiye kabokosi koyera kamene munalembamo dzina la Chichewa kanakula n'kudya mzere. Mzere wolozera uli ndi nsonga ziwiri, ina yokhudza chiwalo, ina yofika pa dzina. Yokhudza chiwalo isakhudzidwe ndi chilichonse. Ya kudzina mutha kuiwonjezera kuti ifike kumphepete kwa pepala komwe kuli malo, bola ipitirire molunjika momwe imalowera ndipo isadutsane ndi inzake. Dzina lalitali lidulidwe mizere iwiri, "chipsepse" pamwamba, "cha pamsana" pansi. Kukula kwa zilembo pakompyuta kusachepere pa 9, chifukwa pepala likadutsa pa fotokope kawiri tizilembo tocheperapo timangokhala madontho.

Koma kwa ana oti adzalemba mayeso a MANEB, pomwe sayansi imafunsidwa m'Chingerezi, langizo lathu ndi loti musafufute Chingerezicho n'komwe. Siyani chithunzi momwe chilili, ndipo pansi pake, mawu a Chithunzi 4.2 atatha, ikani mndandanda wa mbali ziwiri: kumanzere dzina la m'buku, kumanja la Chichewa. `Scales` ayang'anizane ndi mamba, `caudal fin` ndi chipsepse cha kumchira, `pectoral fin` ndi chipsepse cha pachifuwa, `lateral line` ndi mzere wa m'mbali mwa thupi. Mndandandawu utsatire momwe mayina azungulirira nsomba, kuyambira kumutu, osati motsatira afabeti ya Chichewa. Musaupatsenso manambala anuanu a 1, 2, 3, chifukwa akapikisana ndi manambala a buku. Mwana wa kunyanja kuno chambo amachidziwa bwino, waona mamba akupalidwa kuyambira ali wamng'ono. Chimene akusowa ndi kulumikiza chimene akuchidziwa ndi liwu limene adzalipeze pamayeso, ndipo mukalifufuta mwamuchotsera mbali imodzi.

Pali msampha wina umene umabwera ndi chilankhulo chathu chomwe. Mayina ambiri a sayansi timawamasulira pofotokoza ntchito yake. `Operculum` mukalemba kuti "chotchinga ndi kuteteza ziwalo zopumira", pomwe funso 3(b) likufunsa ntchito ya chiwalo chomwecho, ndiye kuti mwayankha kale funso pachithunzi pomwepo. N'chifukwa chake mafunso amawerengedwa kaye mayina asanamasuliridwe. Pamalo ngati apo gwiritsani dzina lonena za malo kapena maonekedwe, monga "chivundikiro cha m'mbali mwa mutu", ntchito yake mwana aipeze yekha.

Chithunzi 1 chimene chinatuluka papepala lanu chikuoneka kuti chinachokera ku Word. Mukagwiritsa ntchito `Insert Caption`, pulogalamuyo imawerenga zithunzi za m'fayilo yanuyo kuyambira pa 1, za buku sizidziwa. Lembani mawu a pansi pa chithunzi ndi manja ngati ndime wamba. Chimodzimodzinso mafunso: mukayamba mzere ndi nambala ndi kadontho, Word amatha kuusandutsa mndandanda wodziwerengera wokha, ndipo tsiku lomwe mudzachotse funso limodzi, otsatira onse adzasintha manambala mwakachetechete. Zikangochitika dinani `Ctrl+Z` nthawi yomweyo, nambala ibwerera kukhala zilembo wamba. Ngati mwaika timabokosi ta mayina pamwamba pa chithunzi, sinthani kaye `Wrap Text` ya chithunzicho kuchoka pa `In Line with Text`, musankhe zonse pamodzi, mudine `Group`. Popanda kutero, mukawonjezera mzere umodzi pamwamba nsomba imatsika koma mayina amatsala pomwe anali, ndipo mamba amaloza kumchira. Kopita kukasindikiza tengani PDF, chifukwa kompyuta ina imatha kusuntha zinthu mu fayilo ya Word.

Ka ×½ kaja kakufuna rula. Kakutanthauza kuti chojambulidwacho ndi theka la nsomba yeniyeni, koma izi ndi zoona pa kukula kwa m'buku kokha. Ngati m'buku nsomba ndi yotalika masentimita 12, yeniyeni ndi 24. Inu mukaikulitsa kuti idzaze pepala la A4 n'kufika masentimita 15, mwana woyeza bwino ndi kuwerengera bwino apeza 30, ndipo alakwa funso 3(c) popanda chifukwa chake. Choncho yezani nsomba m'buku kuchokera kukamwa mpaka kumchira, musindikize pepala limodzi loyesera, muyezenso, musinthe kukula mpaka zifanane. Pa kompyuta yosindikizira sankhani `Actual size`, osati `Fit`. Pokulitsa kapena kuchepetsa kokani pa ngodya, `Lock aspect ratio` ili yochonga, apo ayi nsomba imanenepa kapena kuonda. Mukafuna ikhalebe yaikulu kuti a kumbuyo aone, lembani pansi pake kuti kukula kwasinthidwa, ×½ ikunena za chithunzi cha m'buku. Chithunzi chokhala ndi kamzere ka muyeso, monga kolembedwa 2 cm, chilibe vutoli chifukwa kamzereko kamakula limodzi ndi nsomba, bola musakadule pochekerera m'mbali.

Mawu onena za malo nawo amasintha tanthauzo pepala likasintha. Buku likati chithunzi chili pamwambapa kapena kutsidya kwa tsamba, papepala lanu chitha kukhala pansi, ndiye m'malo mwake tchulani nambala: onani Chithunzi 4.2. Likalozera tsamba lina, lembani kuti "tsamba 59 la buku" kuti mwana asalifune pamapepala anu awiri. Ndipo likatchula Chithunzi 4.1 chomwe simunajambule, musachifufute kapena kuchisintha, ingowonjezerani kuti chili m'buku. Pamwamba pa pepala lembani dzina la buku ndi tsamba 57.

Pomaliza bwererani ku kaundula muli ndi pepala losindikizidwa, osati la pakompyuta. Werengani: Chithunzi 4.2 katatu, Tebulo 4.2 kamodzi, X kawiri, mizere isanu ndi iwiri. Tsatani mzere uliwonse ndi nsonga ya pensulo kuchokera pa dzina mpaka pa chiwalo, buku lili pambali. Kenako perekani pepalalo kwa mphunzitsi mnzanu amene sanaone buku, muwapemphe ayankhe 3(a) mpaka 3(c). Pomwe aime n'kufunsa kuti "chithunzi chiti?" kapena "mzere uwu ukupita pati?", pakonzedwe musanapange makope a kalasi yonse.