Mawu 700 sangalowe m'mphindi zisanu

Agogo, mwezi wamawa tikuvundukula chiliza cha bambo anga kumudzi, ku Ngabu, ndipo andiuza kuti ndidzawerenge mbiri yawo m'mphindi zisanu. Ndalemba mawu 700. Mnzanga akuti munthu amayankhula mawu 150 pa mphindi, ndiye akwana. N'zoona?

Mdzukulu wanga, pepa ndi zimene zinakugwerazo. Mnzakoyo sananame kwenikweni, koma muyeso wake ndi wa Chingerezi, komanso wa munthu amene akucheza pakhonde. Mawu athu ndi ataliatali. Tatchula "sitidzakuiwalani" uone: papepala ndi liwu limodzi, pakamwa ukulidula kasanu ndi katatu, pomwe Mngerezi amafuna timawu tisanu kuti anene zomwezo. Foni ikamawerenga mawu imangoona pamene wasiya mpata, siidziwa kutalika kwa liwu.

Choncho dziyese wekha. Tenga mawu 100 a pakati pa mbiriyo, imirira, werenga mokweza ngati kumbuyo kwa nyumba kuli munthu wofunika kumva, wotchi ya pafoni ikuyenda. Osawerenga chamumtima, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime. Ine ndikachita zimenezi, mawu 100 amanditengera mphindi imodzi ndi kachidutswa. Pamwambo ndimatsika mpaka mawu 70 pa mphindi, ndipo iwenso uwerengetsere pamenepo pokhapokha wotchi yako ikuuze zina.

Kutsikako si ulesi ayi. Pamanda sathamanga, ungamveke ngati ukulengeza za mpira. Dzina la womwalira ukalitchula umayamba waima. Chimkuzamawu nachonso chimabweza mawu, moti ukafulumira anthu okhala patali pansi pa mitengo ya nimu amangomva phokoso. Ndiye pali mtima wako. Ukadzafika pamene bambo ako ankakutenga panjinga kupita kudimba, kukhosi kudzauma, azakhali ako adzayamba kusisima, ndipo iwe udzadikira. Zimenezi sizili papepala koma wotchi imaziwerenga.

Tiye tiwerengetsere limodzi. Mawu 700 kugawa ndi 70, zikutipatsa mphindi 10. Wapyola kale kawiri usanapereke n'komwe ulemu. Ndipo ulemuwo sungaudumphe: a gulupu, a nyakwawa, abusa ndi akulu a mpingo, akuchimuna, akuchikazi, onse muwatchule mwa dongosolo lake, mawu ali pansi. Pamenepo mphindi yathunthu yapita. Zatsala zinayi, ndipo 4 kuchulukitsa ndi 70 ndi 280. Mbiri yako isapyole mawu amenewa. Ndikudziwa, zikupweteka, chifukwa oposa theka akupita.

Uchenjere ndi manambala. Ukalemba kuti anabadwa pa 14 Ogasiti 1958, foni imati 1958 ndi liwu limodzi, koma pakamwa ndi mawu atatu, ndipo chaka sachitchula mothamanga chifukwa akuluakulu amakhala akuwerengetsera m'mutu kuti anali msinkhu wa ndani. Chimodzimodzi mayina a ana ndi zidzukulu, lililonse limafuna kampweya kake. Mbiri yodzaza zaka ndi mayina imayenda pang'onopang'ono kuposa nkhani wamba ya mawu ofanana.

Funsanso wotsogolera mwambo ngati padzakhale womasulira m'Chisena. Kwathu kuno zimachitika, makamaka ngati akuchikazi achokera cha ku Nsanje. Akakhalapo, chiganizo chilichonse chidzanenedwa kawiri, ndiye ufunsitse ngati mphindi zisanuzo ndi zako wekha kapena za nonse awiri. Ngati ndi za nonse, mawu ako atsika kufika 140, ndipo ziganizo zikhale zifupizifupi kuti mnzakoyo asamasochere pakati.

Ine zinandionekera pa maliro a mlamu wanga. Ndinalemba masamba atatu, ndinawerenga chamumtima usiku n'kuona ngati ndi zochepa. Linali dzuwa la Okutobala, lija loti nsapato ya pulasitiki imafewa pamchenga. Ndili pa tsamba lachiwiri ndinaona amayi akusuntha mphasa kutsata mthunzi, adzukulu atatsamira makasu awo akundiyang'ana, kenako wotsogolera mwambo anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti ndimalize. Ndinadumpha tsamba lomaliza, ndipo m'menemo ndi mmene munali mayina a ana amasiye. Mpaka lero mmodzi wa iwo amandikumbutsa.

N'chifukwa chake podula uyambe ndi zimene aliyense pamudzipo akudziwa kale, ndi mndandanda wa malo onse amene anagwirako ntchito. Usunge kubadwa, banja, ana, nkhani imodzi yosonyeza khalidwe lawo, ndi tsiku limene anatisiya. Mayina a ana uwaike koyambirira. Ndime imodzi ya pakati uizunguze ndi cholembera, yoti ukaona wotsogolera mwambo akuyang'ana pa wotchi uidumphe popanda wina kudziwa. Ukamaliza kudula, kawerengere amalume ako pabwalo madzulo, iwo atagwira foni.